Mipando 11 yapita, tenti yang'ambika, dipoziti inali K30,000 yokha: ndiwalipiritse bwanji?

NaMatawale
Abale anga a hayala, ndithandizeni nzeru, mutu sukugwira. Loweruka lapitali ndinabwereketsa mipando yapulasitiki 200 ndi matenti awiri ku chinkhoswe cha kumbali ya ku Jali. Mpando ndimachita K250, tenti K60,000, ndiye zonse zinakwana K170,000, thiransipoti padera. Dipoziti ndinatenga K30,000 monga ndimachitira masiku onse. Anyamata anga anakakhoma matenti Lachisanu madzulo, n'kukatenga katundu Lamulungu kutada kale chifukwa lole inachedwa. Lolemba m'mawa powerenga pakhomo pano ndapeza mipando yabwino 189, yothyoka 7, ina 4 kulibiretu. Tenti imodzi yang'ambika chakumapeto kwa denga, kutalika ngati mkono wanga. Akuti Loweruka masana kunagwa mvula, madzi anadikha pamwamba, wina n'kubaya ndi mtengo kuti atsike.

Mpando wamtundu umenewu panopa ndikuugula K18,000, ndiye 11 ndi K198,000, kuposa ndalama yonse imene ndinalandira pa ntchitoyi. Wapampando wa komiti akuti ndingodya dipoziti nkhani ithere pompo, akutinso mipando ina inabwera yotha kale. Ndikabwerera bwanji kwa anthu amenewa? Ndiwauze kuti alipire zingati?

KabazaSongani
Mayi, pitani kupolisi lero lomwe. Mipando inayi sinauluke, wina waba. Akangoona yunifomu alipira zonse K198,000.

MdalaWaChinamwali
Pepani mayi, zimapweteka zimenezi. Ndisanayankhe ndifunseko zitatu. Potsitsa Lachisanu, alipo wa komiti amene anawerenga nawo n'kusainira? Potenga Lamulungu, munawerengera komweko pamaso pawo kapena anyamata anangopakira? Ndipo mipando 7 yothyokayo munaigula liti?

NaMatawale
Lachisanu anawerenga ndi mlongo wa mkwatibwi, anasaina m'kope mwanga kuti 200. Lamulungu sanawerenge, kunali mdima ndipo dalaivala amafulumira. Mipando ndili nayo yamagulu awiri, ya 2021 ndi ina ndagula chaka chino.

Nachisale_Domasi
Zikomo, ine ndikufuna mipando 80 ndi tenti imodzi pa mwambo wovundukula chiliza mwezi wamawa. Ku Domasi mumafika? Mtengo ndi womwewu?

NaMatawale
Achemwali, ndilembereni kumbali, tikambirana. Pano ndikulira kaye.

MdalaWaChinamwali
Chabwino. Ndinena mosabisa, mundikhululukire. Pamene pakuvutani ndi Lamulungu paja. Muli ndi umboni woti munapereka 200, koma mulibe umboni woti anakubwezerani zingati komanso zili motani. Kuchokera ku Jali kudzafika ku Matawale katundu anali m'manja mwa anyamata anu ndi dalaivala. Wapampandoyo akanena kuti inathyokera mu lole, mumutsutsa ndi chiyani? Ine ntchitoyi ndinayamba 2009, ndipo ndikukuuzani, mipando yambiri imene ndataya sinathyoke ndi alendo. Inathyoka popakira ndi potsitsa. Anyamata akatopa amaponya mulu wonse pansi, miyendo ya mpando wapansi ndiyo imalandira kulemera konse. Kukakhala mdima ndiye zimanyanya.

Ndiye musanaimbenso foni, tulutsani mipando 7 ija panja pakuwala, muiyang'ane umodzi umodzi. Mpando umanena wokha mmene wafera. Pakani chala pamsana pake. Chala chikatuluka ndi kaufa koyera, mpandowo unapsa kale ndi dzuwa, pulasitiki yake yauma, ndipo pothyoka pamakhala posalala ngati mbale yadothi yosweka. Woterowo ukanathyoka ngakhale atakhalapo mwana. Koma mpando watsopano suthyoka msanga, umayamba wapindika kaye, ndipo pothyokapo pamaoneka mizere yotuwa ngati mmene chimachitira chidebe mukachipinda. Mukaona zimenezo pa mwendo wakumbuyo, pamene umalumikizana ndi pokhalira, dziwani kuti munthu amayedzamira chambuyo ndi miyendo iwiri, kapena anaimirirapo pojambula, kapena mwendo unatitimira m'matope wina n'kukhalabe. Pomwe wothyokera mu lole kawirikawiri umakhadzuka kunsonga kwa mwendo kapena pa choikapo mkono, ndipo umakhala ndi zokalika zatsopano. Kaoneni mubwere mutiuze.

MayiAwiri_Chikanda
Ine ndilankhuleko ngati wobwereka, chifukwa pano mukungomva mbali imodzi. Pa ukwati wa mng'ono wanga tinatenga mipando 150 kwa munthu wina wa mtauni muno. Inabwera yosanjikizana, ankatsitsa mwaliwiro, ife tili kalikiliki ndi zophika. Poyala tinapeza isanu ili ndi ming'alu, ina yosokedwa ndi waya pansi. Tinaiika pambali, palibe anakhalapo. Pobweza anatiuza kuti tathyola ndife, dipoziti yonse n'kudya. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Ndiye wapampando uja akamati ina inabwera yotha, musafulumire kumutenga wabodza. Ena a inu mumadyera momwemo, mpando umodzi wothyoka kulipiritsa maukwati atatu.

NaMatawale
Mayi, ine zimenezo sindichita. Wosoka ndi waya ndimauchotsa, timakhalira pakhomo pano.

MayiAwiri_Chikanda
Sindikunena inu ayi. Ndikungoti zilipo.

MdalaWaChinamwali
Zilipodi, ndipo ndi zimene zimatiipitsira mbiri tonse. N'chifukwa chake ine wothyoka akaulipira, ndimamupatsa wolipirayo atenge. Waugula. Akaukana ndimadula miyendo yonse pamaso pake. Komanso potsitsa sitiwerenga milu, timamasula, wa komiti aone mpando uliwonse. Mipando 200 imatenga mphindi 20 kapena 30, koma ndi mphindi zimene zimapulumutsa ubale.

MphunzitsiWaMalosa
Ine ndikuona kuti vuto lonse ndi dipoziti. K30,000 pa katundu wa K3,600,000, osawerengera matenti, ndi kusewera. Siikwana ndi mipando iwiri yomwe. Dipoziti izikhala theka la mtengo wa katundu, kapena mutenge chitupa cha unzika cha mwini mwambo mpaka abweze zonse. Munthu sangathawe chitupa chake chili kwa inu.

KabazaSongani
Theka ndi K1,800,000. Ndani ku Jali angapereke imeneyo pa chinkhoswe? Akanakhala nayo bwenzi atagula mipando yake.

MphunzitsiWaMalosa
Chabwino, theka lachuluka. Koma K30,000 yachepa, pamenepo musanditsutse.

MdalaWaChinamwali
Aphunzitsi mwalasa kuti yachepa, koma dipoziti sikuti ndi yogulira katundu yense akatayika. Ntchito yake ndi iwiri: kukwanira zowonongeka za tsiku wamba, komanso kupangitsa komiti kuikapo munthu woyang'anira chifukwa ikufuna ndalama yake ibwerere. Ikachepa kwambiri, anthu amaiwerengera ngati mbali ya mtengo, amaisiya mumtima asanayambe n'komwe mwambo. Mwamva mmene wayankhira wapampando uja, "idyani." Anali ataitaya kale.

Ine ndimawerenga motere: pa mipando 100 iliyonse, dipoziti ndi mtengo wa mipando itatu yatsopano. Pa mitengo ya mayiwa ndiye K54,000, pa 200 ndi K108,000. Tenti iliyonse ndimaonjeza theka la hayala yake. Anthu amadandaula, ena amapita kwina, koma amene avomera amayang'anira ngati katundu wawo. Chinsinsi china n'chakuti ibwerere msanga. Tikawerenga zonse zili bwino, ndimatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba lole isananyamuke. Mbiri imeneyo ikamveka, anthu saopanso kupereka.

Za chitupa ine ayi. Chitupa simungagulire mpando, ndipo munthu amachifuna kubanki ndi kwina. Ndimangochijambula, n'kulemba nambala ya foni ya anthu awiri, mwini mwambo ndi wapampando, komanso mudzi ndi mfumu yake.

NaMatawale
Ndakaona monga munanenera bambo. Inayi ndi ya 2021, ufa uli mbuu pachala, yathyoka mosalala. Itatu ndi yatsopano. Iwiri mwa itatuyo ndi mwendo wakumbuyo ndipo mizere yotuwa ija ilipo, matope auma mpaka pakati pa mwendo. Wachitatu wakhadzuka pa choikapo mkono, pali chokalika chachitsulo. Ndamufunsa mnyamata wanga wamkulu, wavomera kuti chingwe chinakhwefuka panjira mulu wina n'kugwera pa chitseko cha lole.

MdalaWaChinamwali
Eya, ndiye tiyeni tiwerenge mwachilungamo. Wogwera mu lole uja uchotseni, ndi wanu. Mukadzawauza nokha kuti uwu tathyola ndife, mawu anu ena onse adzawakhulupirira.

Iwiri yatsopano yamatope alipire mtengo wonse, K36,000. Inayi ya 2021 musawalipiritse ngati yatsopano. Yakugwirirani ntchito zaka zingapo, inabweza kale ndalama yake. Ine yotere ndimaitchaja gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye K6,000 umodzi, inayi K24,000. Yosowa inayi ndi mtengo wonse, K72,000, kaya inali yakale kaya yatsopano. Zonse pamodzi K132,000. Kuchotsa dipoziti yatsala K102,000. Imeneyo ndiyo mungakaime nayo pamaso pa ankhoswe osachita manyazi, osati K198,000.

MphunzitsiWaMalosa
Pamenepa sindikumvetsa. Ngati wakale wothyoka ndi K6,000, bwanji wakale wosowa ukhale K18,000? Mpando ndi womwewo.

MdalaWaChinamwali
Chifukwa wosowa sunafe, uli pakhonde pa munthu, akuukhalira. Mukati wosowa wakale ndi K6,000, mwatsegula sitolo ya mipando yotchipa. Aliyense adzabisa inayi n'kulipira K24,000 mokondwa. Ndiye pa pepala langa ndinalemba kuti wothyoka ubwere ndi zidutswa zake, ukapanda kubwera ndi wosowa. Ndipo musalembe nambala ya ndalama pa pepala lokhalitsa. Ine ndinapsa nazo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafomu anga anali ndi mtengo wakale, anthu ankalipira monga mwa pepala, ine kupita ku Limbe ndalamayo osakwana mpando. Panopa ndimalemba ndi bolopeni tsiku lomwelo mtengo umene uli m'sitolo, wobwereka n'kusainira pambali pake.

WaMaluwa_Kalimbuka
Koma inayi yosowayo muli ndi chitsimikizo kuti inatsala ku Jali? Si inu nomwe mwati sanawerenge?

NaMatawale
Chitsimikizo ndilibe. Anyamata akulumbira kuti sanaime paliponse.

MdalaWaChinamwali
Apo ndiye pofooka panu, ndipo mukapite mukudziwa. Musakayambe ndi ndalama. Kapempheni kuti afunse m'nyumba zoyandikana. Pa chinkhoswe mipando imayenda: ina imapita kumene akuphika, ina kunyumba imene agona alendo ochokera kutali, ina agogo anatengera pamthunzi. Kawirikawiri si kuba, amangoiwala kubweza, ndipo pakapita sabata amachita manyazi kutulutsa. Mipando yanu ili ndi chizindikiro?

NaMatawale
Ndinalemba ndi penti kumsana, koma yambiri inafufutika ndi kutsuka.

MdalaWaChinamwali
Penti pa pulasitiki sikhalitsa. Tenthetsani chitsulo mudinde zilembo pansi pa pokhalira, pamalo pokhuthala, osaboola. Mudindenso chaka chimene mwagula. Mkangano wa "unali wakale" umathera pomwepo, mumangotembenuza mpando.

ZiliriPaSadzi
Inu a mipando muli ndi mwayi, chothyoka chimaoneka ndi maso. Ife a zokuzira mawu sipika imabwera yooneka bwinobwino, mkati itapsa. Chaka chatha ndinabwereketsa masipika awiri, ampu ndi mikisa kwa anyamata ena a phwando, anati DJ ali naye wawo. Anabweza usiku, ndinangoona kuti zonse zilipo, dipoziti n'kubweza. Loweruka linalo ndikulumikiza pa ukwati, mawu akumveka ngati munthu akulankhulira m'bulangete. Matwita onse awiri, timasipika tating'ono totulutsa mawu opyapyala, anapsa. Ukayandikiza mphuno umamva fungo la waya wopserera.

Chimawotcha twita si kukula kwa ampu kokha ayi. Ndi DJ amene amakweza mpaka nyale yofiira yolembedwa `CLIP` kumangoyaka osazima. Pamenepo ampu yafika pomaliza, mawu amatuluka ophwanyika, ndipo kawaya kopyapyala ka mu twita kamatentha mpaka kuduka. China ndi kulira kuja kwa tswiii, MC akaima ndi maiki kutsogolo kwa sipika. Ndiye kuyambira pamenepo zida zanga sizituluka popanda mnyamata wanga, ndipo malipiro ake ali mu mtengo. DJ wawo aziseweretsa nyimbo, koma ampu sagwira.

KabazaSongani
Nanga mnyamata wanu ali pomwepo sipika n'kupsa, alipira ndani?

ZiliriPaSadzi
Ndi yanga imeneyo, sindingamulipiritse kasitomala. Iye amalipira zimene achita anthu ake: maiki yogwetsedwa, chakumwa chothiridwa mu mikisa, chingwe chodulidwa ndi galimoto, sipika yogwetsedwa ndi ovina. Maiki yopanda chingwe ndiyo imavutika kwambiri pa perekaniperekani, imayenda m'manja khumi. Ndimaijambula mutu wake isanatuluke, kuti ikabwera yopindika pasakhale zokangana.

MagetsiMpondabwino
Achimwene a ku Sadzi, onjezani nkhani ya jenereta, chifukwa zambiri zimene zimabwera pa benchi panga kuti ndikonze zafera pamenepo. Magetsi athu ndi 230 V, koma kajenereta kakang'ono kotopa sikakhazikika, makamaka akalumikizako firiji ya zakumwa. Firiji ikamadzuka mphamvu imatsika, ikazima imakwera. Mafuta akamatha ndiye kamachita kubwebweta, kukwera kutsika, ampu ili chiyakire. Lamulo ndi lakuti jenereta ilire kaye ikhazikike, kenako muyatse mikisa, ampu pomaliza. Pozimitsa ampu iyambe. Pothira mafuta zimitsani zonse.

China, anthu amakonda kuonjeza masipika awo pa ampu yanu. Masipika awiri a maomu 8 mbali imodzi amapanga 4, ampu zambiri zimapirira. Akaika anayi zatsika kufika pa 2, ampu imatentha, nyale ya `PROTECT` n'kuyaka. Ena m'malo mochotsa sipika amangozimitsa n'kuyatsanso mpaka ife.

Ndipo pobweza musamangoyang'ana. Lumikizani muimbe nyimbo imodzi mwini wake ali pomwepo, khutu pa twita iliyonse. Mukakayika, yezani ndi mita: ya maomu 8 yamoyo imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, yopsa n'kuduka siionetsa kanthu.

ZiliriPaSadzi
Zoona. Ine jenereta ya eni mwambo ndinasiya kuvomera, ndimabwera ndi yanga, mafuta agule iwo.

MayiAwiri_Chikanda
Poti mwabwera a zoimbira, mutithandizeko phokoso. Kuno ku Chikanda mumayesa zida 5 koloko m'mawa, ana asanadzuke. Simungadikire dzuwa lituluke?

ZiliriPaSadzi
Mayi, amatiuza ndi eni mwambo kuti anthu adziwe kuti kuli ukwati. Koma ndamva, kuyesa sikufuna kukweza.

NaMatawale
Abale tibwerere ku tenti yanga, mawa ndikupita ku Jali.

WaMaluwa_Kalimbuka
Tenti alipire yonse. Anabaya ndi mtengo ndi munthu wawo, avomera okha.

MdalaWaChinamwali
Wobaya ndi wawo, koma funso ndi lakuti madziwo anadikha chifukwa chiyani. Tenti yokhomedwa bwino madzi amatsetsereka okha. Amadikha lona ikakhala yokhwefuka pakati pa mapaipi, kapena mwendo umodzi ukatitimira, kapena zikhomo zikazuka pang'ono dothi litafewa. Anakhoma ndi anyamata anu Lachisanu, ndipo palibe anabwerera Loweruka kukakunga zingwe. Kuno ku Zomba mvula imatsika m'phirimu mosachenjeza, ndipo thumba la madzi likayamba limakula msanga, chifukwa kulemera kwake kumakokera lona pansi, madzi enanso n'kumathamangira momwemo. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Zidebe zitatu za malita 20 ndi makilogalamu 60 ali pamutu pa alendo. Munthu uja anachita mantha kuti paipi ipindika, anatola chimene chinali pafupi. Akanakankha ndi tsache lopingasa kapena mpando woutembenuza, bwenzi tili bwino, koma ndani anamuuza?

Ine ndikanagawa pakati. Ngati ndi lona yapulasitiki ija yokhuthala, kung'ambika kwa mkono umodzi kumamatika. Chigamba chikhale cha lona yomweyo, chipitirire bwino mbali zonse, makona ake odula mozungulira kuti asamatuke, pamalopo potsuka ndi pouma, chigamba kunja ndi mkati. Osangosoka ndi singano, mabowo ake adzadontha ndipo kung'ambika kudzatsata momwemo.

NaMatawale
Womata wandiuza K25,000.

MdalaWaChinamwali
Ndiye iwo K12,500, inu K12,500. Pamodzi ndi ija ya mipando mukapemphe K114,500.

WaMaluwa_Kalimbuka
Ine sindikugwirizana nazo. Tenti yachigamba pa ukwati anthu amaikana, amati iwononga zithunzi. Mayiwa ataya zambiri kuposa K25,000, tenti imeneyo yatsika kalasi. Ife okongoletsa timadziwa, mkwatibwi amayang'ana kudenga.

MdalaWaChinamwali
Pamenepo mukunena zoona, ndipo ndilibe yankho labwino. Kutsika kwa kalasi sindinapezepo njira yolipiritsira munthu n'kumvetsa. Koma poti mwadzitchula nokha, inu okongoletsa ndinu amene mumatiboolera matenti ndi mapini ndi waya pomangirira nsalu. Mabowo ake saoneka tsiku lobweza, timadzawaona mvula ikugwa pa mwambo wa munthu wina.

WaMaluwa_Kalimbuka
Si tonse bambo. Ine ndimamangirira ku mapaipi ndi tizingwe. Koma inunso muzibweretsa matenti otsuka. Ena amabwera akununkha nguwi, madontho akuda denga lonse, ndiye timaphimba ndi nsalu kuti tibise manyazi anu.

MdalaWaChinamwali
Nguwi ndi kupinda tenti yonyowa, palibe china. Ikabwera yonyowa Lamulungu, Lolemba iyanikidwe mpaka iume mbali zonse, m'misoko momwe. Miyezi ya chiperoni tenti imatha masiku awiri isanaume, ndipo ndi pamene ambiri amatopa n'kupinda. Posunga isagone pa simenti, ikani pa mathabwa chifukwa cha chinyezi ndi makoswe. Mipandonso chimodzimodzi, isakhale padzuwa sabata yonse kudikira Loweruka. Ufa uja mwaupeza pa ya 2021 ndi dzuwa limenelo.

MphunzitsiWaMalosa
Ndawerengera pang'ono, mundikonze ngati ndalakwa. Mpando wa K18,000 pa K250 uyenera kutuluka maulendo 72 kuti ungobweza mtengo wake. Ukamatuluka Loweruka lililonse ndi chaka ndi miyezi pafupifupi isanu. Ndiye phindu lilipo lambiri ndithu pambuyo pake.

NaMatawale
Aphunzitsi, sutuluka Loweruka lililonse. Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii, anthu ali kumunda ndipo ndalama kulibe. Maukwati amachuluka anthu akakolola mpaka mvula isanayambe, ndi Disembala. M'kope mwanga mpando umatuluka pafupifupi ka 40 pachaka, ndipo si yonse 200 nthawi iliyonse. Ndiye muchotsepo sopo, madzi, anyamata otsuka ndi kupakira, ndi lendi ya chipinda chosungira.

MdalaWaChinamwali
Tengani 40 yomweyo. Mpando ukakhala zaka zitatu watuluka ka 120. Gawani K18,000 ndi 120, mupeza K150. Kutanthauza kuti pa K250 iliyonse, K150 si yanu, ndi ya mpando umene udzalowe m'malo mwa uwu. Yotsala K100 ndiyo ya sopo, anyamata ndi inu. Ambiri timadya yonse K250, pakatha zaka zitatu mipando yonse imakalamba tsiku limodzi, ndalama yogulira palibe. Ine K150 imeneyo ndimaipatula Lolemba lililonse, ndipo ikakwana mipando khumi ndimagula pompo, sindisunga ndalama chifukwa mtengo sudikira. Kunena zoona mayi, pa mtengo wa mpando wa lero K250 yachepa.

NaMatawale
Ndikakweza athawira kwa ena. Pa Matawale pokha tilipo angapo.

MdzukuluWaThondwe
Zonse mwakambazi ndi za ukwati, kumene anthu amakonzekera miyezi. Nanga pamaliro? Munthu wamwalira usiku, m'mawa tikufuna tenti ndi mipando, mudzamuuze namfedwa kuti dipoziti K108,000 ndi kusaina mafomu? Kumudzi kuno akakunenani mpaka kwa mfumu.

NaMatawale
Pamaliro ine sinditenga dipoziti, pakamwa sipatseguka. Koma ndi kumenenso mipando imasowa kwambiri, chifukwa imagona panja masiku awiri ndipo anthu ndi ambiri.

MdalaWaChinamwali
Namfedwa sitimulankhula za ndalama, zoona. Koma pamaliro paliponse pamakhala wina amene wagwira kope la chipepeso, kapena mkulu wa mpingo, kapena mwini mbumba. Ndimapereka katundu m'manja mwa ameneyo, tiwerenge naye, asaine. Dipoziti sinditenga, koma ndimatumiza yakale yokhayokha, ndipo ndimamuuza kuti ochezera asakolezere moto pafupi ndi tenti. Lona imachita makwinya ndi kutentha ngakhale lawi lisanaikhudze, ndipo mpando woyandikira moto mwendo umafewa n'kupindika. Tikachoka kumanda anyamata anga amakhala ali kale pakhomo kusonkhanitsa, anthu asanabalalike.

MdzukuluWaThondwe
Nanga ikasowa iwiri, mumakalipiritsa pa chipepeso?

MdalaWaChinamwali
Ndimamuuza wosaina uja patapita masiku, mwakachetechete. Ena amalipira, ena amafufuza n'kuipeza, ena ndimangosiya. Pamenepa lamulo ndilibe.

KabazaSongani
Ndiye kupolisi mwakana nonse?

MdalaWaChinamwali
Mukawauza kuti waba ndani? Yambani ndi ankhoswe, zikakanika kwa mfumu. Kope losainidwa Lachisanu lija likagwira ntchito kumeneko.

NaMatawale
Ndabwerako ku Jali. Ndinatenga mipando 7 yonse pa pikiapu, tinakhala pansi ndi wapampando, ankhoswe a kuchikazi ndi mlongo uja anasaina. Ndinayamba ndi wogwera mu lole, ndinati uwu ndi wathu. Kenako ndinawapatsa kuti apake okha chala pa yakale ija, n'kuwauza kuti imeneyo ndi K6,000 basi. Wapampando anafewa, anatuma ana m'nyumba zoyandikana. Iwiri yapezeka kumene kunagona alendo, umodzi uli ndi beseni pamwamba. Iwiri sinapezeke, ndipo iwo akuti mwina inagwa panjira chingwe chitakhwefuka. Sindinathe kuwatsutsa, tagwirizana kuti alipire umodzi.

Ndiye yatsopano iwiri K36,000, yakale inayi K24,000, wosowa umodzi K18,000, pamodzi K78,000. Kuchotsa dipoziti yatsala K48,000. Apereka K30,000, yotsala K18,000 akuti kumapeto kwa mwezi, ankhoswe asainira. Za tenti akana ndithu. Akuti munthu wawo anapulumutsa alendo, ndipo tenti inakhomedwa ndi ife. Tasiyana kuti akakambirane ndi mwini chinkhoswe.

WaMaluwa_Kalimbuka
Ya tenti musaisiye mayi. Akakana theka, apereke ngakhale ya guluu.

MayiAwiri_Chikanda
Yothyoka ija munawasiyira?

NaMatawale
Isanu ndi umodzi ndawasiyira, agogo ena ati asoka ndi waya azikhalira pakhonde. Bambo a ku Chinamwali, nditumizireniko chithunzi cha fomu yanu ija, ndikufuna ndikope pamene munalemba za zidutswa ndi za okongoletsa. Loweruka lino ndili ndi mipando 120 ku Chingale, ndawauza kale kuti lole ifika 3 koloko masana ndipo wa komiti akhalepo powerenga. Pa dipoziti ndatchula K60,000, akuti andiyankha mawa.

MdalaWaChinamwali
Ndatumiza. Msewu wa ku Chingale ndi wa zitunda ndi zigwa, milu isapitirire mipando khumi ndipo amange zingwe ziwiri, china chopingasa. Akafika pamwamba aime akungenso.